Kulipira inshuwalansi ya nyumba za sukulu mwezi ndi mwezi: kalembedwe ka pempho lake

Funso ili landitopetsa kuyankha pa foni, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense azidziwerengera. Mabasala anzanga ndi ahedi a sukulu zapulayiveti ndi zamishoni kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mumandifunsa chimodzimodzi, kuti invoisi ya inshuwalansi ya nyumba za sukulu yabwera, ndalama yake ndi yambiri kuti ituluke kamodzi, kodi tingapemphe bwanji kuti tizilipira pamwezi, ndipo a bodi tiwauze chani kuti avomere. Zimatheka ndithu. Koma pempho lake si kakalata ka mizere itatu kongoti chonde mutilole tizilipira pang'onopang'ono, ayi, lotero amangoliyika mu fayilo. Anzanga a sukulu zaboma, inu nyumbazo ndi za boma, musasayine kalikonse kooneka ngati ngongole musanafunse ku ofesi ya maphunziro.

Mawu anayi okha muwadziwiretu chifukwa abwera pafupipafupi. Pulimiyamu ndi ndalama yomwe mumalipira kampani ya inshuwalansi kuti ikutetezeni kwa chaka. Polise ndi chikalata cha mgwirizano wonsewo. Buloka ndi mkhalapakati wa inu ndi kampaniyo. Kilemu ndi pempho loti akulipireni ngozi ikachitika. Ena ndiwafotokoza tikafika pomwe akufunika.

Manambala onse omwe ndigwiritse ntchito ndi achitsanzo, inu muyikepo anu. Titenge sukulu ya ana 400, ili ndi mabuloko a makalasi, labu, hositelo ya atsikana, khitchini, ofesi ndi nyumba zingapo za aphunzitsi. Zonsezi zidalembetsedwa pa mtengo wa K600,000,000, pulimiyamu ya chaka pamodzi ndi zonse zomwe awonjezera pa invoisi ndi K2,400,000, ndipo polise imayambiranso pa 1 Seputembala.

1. Yambani mu Meyi kapena Juni, osati sabata yomwe polise ikutha

Onani tsiku limenelo, 1 Seputembala. Ana adatsekera mu Julayi, Ogasiti yense sikunalowe fizi koma malipiro a aphunzitsi atuluka, chimanga ndi nyemba za ku hositelo mwagula, penti mwapaka, ndipo temu yoyamba imatsegulira chapakati pa Seputembala kapena mochedwerapo. Ndiye invoisi imakupezani akaunti ili gwa. Mukayamba kupempha nthawi imeneyo mumakhala ngati munthu wothawa ngongole, ndipo bodi simungayisonkhanitse m'masiku atatu, wapampando ali ku Lilongwe, abusa kapena abambo mfumu ali ku msonkhano wina. Kutatsala miyezi itatu kuti polise ithe tengani polise ya chaka chino, invoisi yake, malisiti onse omwe mudalipira, ndi masitetimenti a ku banki a miyezi 12 yapitayi.

Muonenso dzina lomwe lalembedwa pa polise. Ngati nyumbazo ndi za dayosizi, sinodi kapena mwini sukulu, dzina likhale lawo kapena lawo pamodzi ndi la sukulu, ndipo iwowo ndi omwe akuyenera kuvomereza pempholi. Basala ndi wolemba chabe.

2. Konzani kaye mtengo wa nyumba musanakambe za kulipira

Apa ndi pomwe ambiri amadzipweteka okha. Munthu akaona kuti ya pamwezi ikukula amaganiza zotsitsa mtengo wa nyumba pa polise, kapena kungousiya momwe udalili zaka zitatu zapitazo kuti pulimiyamu isakwere. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata, misomali ndi mapulanga zidatsatira. Mtengo womwe kampani imafuna si womwe mudamangira kapena womwe odita adalemba m'mabuku, ndi womwe mungawononge lero kuti mumangenso nyumba yomweyo pamalo omwewo, kuphatikiza kuchotsa zogumuka ndi thiransipoti yofikitsa katundu kumudzi komwe muliko.

Mapolise ambiri a nyumba ali ndi lamulo lomwe amati avaleji. Limati ukalembetsa mtengo wochepa, kampani imakulipiranso mochepa molingana ndi gawo lomwe udalembetsa, ngakhale ngoziyo ikhale yaing'ono. Ngati nyumba za sukulu yathu yachitsanzo zingamangidwenso ndi K800,000,000 koma pa polise pali K600,000,000, ndiye kuti mwateteza magawo atatu okha mwa anayi. Mphepo ikasasula denga la buloko imodzi, kukonza kwake n'kukhala K18,000,000, kampani iwerengera K13,500,000 basi. Musaganize kuti popeza K18,000,000 ndi yochepa poyerekeza ndi K600,000,000 ndiye akupatsani yonse.

Pezani katswiri wowerengera mitengo ya zomangamanga, kapena ngati thumba silikulola, kontilakita wodalirika alembe mtengo wa buloko iliyonse payokha ndipo asayine. Pomwepo funsani buloka kuti polise ikuteteza ngozi ziti. Moto ndi mphenzi zimakhalamo, koma mphepo yamkuntho, madzi osefukira, chivomerezi ndi zipolowe muzione ndi maso anu pa pepala. Kwathu kuno mphepo yoyamba ndi mvula ndiyo imatha madenga, ndipo a kumunsi ku Golomoti, Mtakataka ndi Bwanje madzi mumawadziwa. Za ana kuphwanya magalasi ndi kuyatsa ofesi atakwiya ndi zakudya sindikufunika kukuuzani.

3. Dziwani kuti mukupempha chiyani, chifukwa njira zake ndi ziwiri

Yoyamba ndi yoti kampani ya inshuwalansi yeniyeniyo ivomere kulandira pulimiyamu m'magawo. Yachiwiri ndi yoti banki kapena bungwe lobwereketsa ndalama lilipire pulimiyamu yonse ku kampani tsiku loyamba, inu n'kumabweza ku bankiko mwezi ndi mwezi ndi chiwongola dzanja. Pakamwa pa buloka zonsezi zimamveka chimodzimodzi, "muzilipira pamwezi bwana", koma yachiwiriyi ndi ngongole, ndipo ngongole ili ndi malamulo ake pa sukulu, imafuna chilolezo cha mwini sukulu ndipo imalowa m'mabuku ngati ngongole. Nthawi zambiri mumasayinanso kuti mukalephera kubweza, banki ili ndi mphamvu youza kampani kuti ithetse polise n'kutenga ndalama yotsalayo. Ubwino wake ndi woti kwa kampani ya inshuwalansi mumakhala kuti mwalipira zonse, ndiye pa kilemu palibe zokokana za pulimiyamu.

Kampani ikakana njira yoyamba musadabwe kapena kukwiya. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi ndipo sangamangosunga ngongole za mapulimiyamu momwe angafunire, komanso nawo amakhala ndi makampani ena akuluakulu omwe amagawana nawo chiopsezo ndipo amayenera kuwalipira. Pemphani makotesheni kwa makampani awiri kapena atatu, aliyense alembe mtengo wolipira kamodzi ndi mtengo wolipira m'magawo pa pepala limodzi. Buloka kapena ejenti yemwe mukugwira naye ntchito akhale ndi chiphaso, mndandanda wawo umapezeka ku Reserve Bank komweko.

4. Werengani mtengo weniweni wa kulipira pamwezi

Tinene kuti akuuzani kuti dipoziti ndi 25 peresenti, yotsalayo m'miyezi 9, ndi kachiwongola dzanja ka 10 peresenti pa yotsalayo. Dipoziti ndi K600,000. Yotsala ndi K1,800,000, kachiwongola dzanjako ndi K180,000, zonse K1,980,000, kugawa ndi 9 ndi K220,000 pamwezi. Chaka chonse mulipira K2,580,000 m'malo mwa K2,400,000.

Tsono 10 peresenti imeneyo musakayiuze bodi ngati ya pachaka, mukapezamo wina wogwira ntchito ku banki akuchititsani manyazi. Ndalamayo simukukhala nayo chaka chonse. K200,000 yoyamba mukuibweza pakatha mwezi umodzi, yachiwiri pakatha miyezi iwiri, yomaliza pakatha 9, ndiye pakatikati pake ndalama yonseyo mwakhala nayo miyezi 5 yokha. Kulipira 10 peresenti pa miyezi 5 ndi 2 peresenti pamwezi, pachaka pafupifupi 24 peresenti. Nambala imeneyi ndiyo muyerekeze ndi chiwongola dzanja chomwe banki yanu ingakulipiritseni mukadutsitsa akaunti. Mufunsenso ngati pali kandalama kolembera mafomu kapena ka sitandingi oda, lamulo loti banki izidula yokha ndalamayo mwezi ndi mwezi, tonse tilowe m'masamu.

M'pempho lembani poyera kuti njirayi ikudula K180,000 kuposa kulipira kamodzi. Musabise. A bodi akaitulukira okha sadzakhulupiriranso manambala ena onse.

5. Gwirizanitsani miyezi ndi matemu

Ili ndiye gawo lovuta, ndipo mapempho ambiri omwe anzanga amanditumizira kuti ndiwaonere amalidumpha. Amangolemba kuti sukulu izilipira K220,000 pamwezi kuchokera ku fizi. Koma fizi sibwera pamwezi. Imabwera katatu pachaka, yambiri m'masabata atatu kapena anayi oyamba a temu, kenaka imangodontha, kenaka zii. Ndipo matemu atatuwo salingana. Makolo athu ambiri ndi alimi ndi ageni, a mbatatesi, kabichi, tomato ndi nyemba za ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, ndiye temu yoyamba ikamatha ndalama yawo yalowa ku feteleza, temu yachiwiri Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya njala, kholo limabwera ndi theka n'kulonjeza kuti lotsala likakolola, ndipo temu yachitatu ndiyo amabweza zotsalira. Sitandingi oda ya ku banki sidziwa zimenezo, tsiku likakwana imangogogoda.

Tengani masitetimenti a miyezi 12 aja, mwezi uliwonse mulembe zomwe zidalowadi, zomwe zidatuluka, ndi ndalama yochepetsetsa yomwe idatsala mu akaunti mwezi umenewo. Osati za mu bajeti, za mu bajeti ndi maloto, lembani zomwe banki idaona. Mupeza miyezi itatu kapena inayi yomwe K220,000 sikadapezeka, kawirikawiri Disembala, kumayambiriro kwa Januwale, Malichi chakumapeto mpaka Epulo, ndi Ogasiti. Pempho lanu liyenera kuyankha funso limodzi, kuti m'miyezi imeneyo ndalama ichokera kuti.

Yankho lomwe ine ndimalikhulupirira ndi akaunti yapadera ya inshuwalansi yokha, yomwe mumaidzaza pa temu, iyo n'kumalipira pamwezi. Tiike tsiku lolipira pa 5 mwezi uliwonse, kuyambira 5 Okutobala mpaka 5 Juni. Ndasankha 5 chifukwa kumapeto kwa mwezi kuli malipiro, ndipo pofika pa 14 mukuthamanga ndi msonkho wa pamalipiro ku MRA ndi penshoni. Tsopano onani kuti gawo lililonse lidzalipidwa ndi fizi ya temu iti. La Okutobala, Novembala ndi Disembala ndi temu yoyamba, izo n'zachidziwikire. Koma la pa 5 Januwale nalonso ndi la temu yoyamba, chifukwa tsiku limenelo ana amakhala asanabwere kapena angofika kumene ndipo fizi sinalowe. Ndiye temu yoyamba isenze magawo anayi, K880,000. Temu yachiwiri isenze Febuluwale, Malichi, Epulo ndi Meyi, chifukwa pa 5 Meyi simungadalire fizi ya temu yomwe yangoyamba, K880,000 inanso. Temu yachitatu yatsala ndi Juni yekha, K220,000, koma musasangalale, ndi yomweyo yomwe isunge dipoziti ya chaka chamawa, K600,000 kapena kuposerapo chifukwa mtengo wa nyumba udzakhala utakwera. Zonse K820,000. Mukaiwala dipoziti ya chaka chamawayi mudzapezeka pa 1 Seputembala muli pomwe mudayambira.

Ndipo dipoziti ya chaka choyamba chino ichokera mu fizi ya temu yachitatu yomwe muli nayo panopa, n'chifukwa chake ndinati muyambe mu Meyi.

Kenaka igaweni pa mwana kuti a bodi ndi a komiti ya makolo aione kukula kwake. K880,000 pa ana 400 ndi K2,200 pa mwana pa temu. Koma si onse amalipira msanga. Ngati mabuku anu akuonetsa kuti pofika sabata yachinayi olipira amakhala 320, gawani ndi 320, ndi K2,750. Ndiye lamulo lomwe mupemphe bodi kuti ikhazikitse ndi lakuti pa fizi ya mwana aliyense yomwe yalowa, K2,750 izisamutsidwa sabata yomweyo kupita ku akaunti ya inshuwalansi mpaka K880,000 itakwana, ndipo ikwane sabata yachinayi ya temu isanathe. Sabata yomweyo, osadikira kuti tione kaye za nkhuni ndi ufa.

Akauntiyo ikhale ya osayina awiri, mmodzi wa ku bodi, ndipo isakhale ndi njira yotapira pa foni. Ndikunena izi chifukwa chiyeso chimabwera ndithu, pampu ya mjigo yafa, mayeso a moko akufuna mapepala, ahedi akulowa mu ofesi mwanu n'kuti "abasala tabwerekaniko ya inshuwalansi ija tibweza Lachisanu". Lachisanu limenelo silifika. Maminitsi a bodi akanena kuti ndalamayi siikhudzidwa popanda siginecha ya wapampando, inuyo mumakhala ndi pobisala, mumangoti pepani bwana manja anga ndi omangidwa.

Pena mukamaliza masamu awa mumaona kuti kulipira katatu, kumayambiriro kwa temu iliyonse, kungakuyendereni bwino kuposa pamwezi. Ngati kampani ingavomere zimenezo popanda chiwongola dzanja kapena ndi chochepa, ine ndingatenge imeneyo, ntchito yake ndi yochepa ndipo mipata yolakwitsa ndi itatu osati 9. Muyiike m'pempho ngati njira ina.

6. Funsani mafunso a tsiku loipa, mayankho abwere olembedwa

Musanapite ku bodi tumizani mafunso kwa buloka kapena kampani, pa kalata kapena imelo, osati pa foni. Loyamba, kodi tikalipira dipoziti chitetezo chikuyamba chonse tsiku lomwelo kwa miyezi 12, kapena chikuyenda mwezi ndi mwezi malinga ndi zomwe talipira? Mapolise ambiri ali ndi ndime yonena kuti pulimiyamu ikapanda kulipidwa pofika tsiku lakuti chitetezo chimaima chokha, popanda wokuuzani. Ngati ndime imeneyo ili mu polise yanu ndipo sinasinthidwe, mgwirizano wapakamwa wolipira pamwezi ulibe mphamvu, mukhoza kumalipira mokhulupirika miyezi inayi muli osatetezedwa.

Lachiwiri, tikachedwa ndi gawo limodzi pali masiku angati otidikira, ndipo ngozi ikachitika m'masiku amenewo mulipira? Lachitatu, musanathetse polise mudzatichenjeza masiku angati, ndipo kalatayo ipita kwa ndani? Apa perekani anthu awiri, basala ndi wapampando, ndi imelo yomwe imatsegulidwa ngakhale pa holide, chifukwa kalata ya ku positi ofesi ikafika pa 20 Disembala idzawerengedwa mu Januwale.

Lachinayi ndi lomwe limadzidzimutsa anthu. Kilemu ikabwera magawo ena asanalipidwe, kawirikawiri kampani imachotsa pulimiyamu yonse yotsala pa ndalama ya kilemuyo, kapena imafuna muimalize kaye. Tibwerere ku denga lija. Mphepo yasasula pa 12 Disembala, mwalipira magawo atatu, atsala 6, omwe ndi K1,320,000. Kukonza ndi K18,000,000, avaleji yatsitsa kufika K13,500,000. Kenaka pali ekisesi, gawo loyamba la kilemu iliyonse lomwe mumasenza nokha, tinene K500,000, kwatsala K13,000,000. Achotsenso K1,320,000 ija, m'manja mwanu mufika K11,680,000, kontilakita akufuna K18,000,000, mvula ikugwera m'kalasi ya Folomu 4. Kuchotsa pulimiyamu yotsalako si kuba, ndi ndalama yomwe mukadalipirabe, koma bodi iyenera kudziwiratu. Ndipo muone kuti chomwe chadya kwambiri apa ndi avaleji, K4,500,000 yathunthu, osati kulipira pamwezi.

Lomaliza, ndalama tizilipira mu akaunti ya ndani? Ngati ikudzera kwa buloka, funsani ngati kampani imawerenga kuti mwalipira tsiku lomwe buloka walandira kapena tsiku lomwe yafika kwa iwo. Ine ndimakonda kulipira mu akaunti ya kampani mwachindunji, nambala ya polise n'kulembedwa pa malipiro aliwonse. Ku nambala ya foni ya munthu, kaya ndi Mpamba kaya Airtel Money, musatumize pulimiyamu ya sukulu ngakhale munthuyo mumapemphera naye.

7. Lembani pempho la ku bodi

Masamba awiri akwana, ndi zomata kumbuyo. Ndime yoyamba inene zomwe mukupempha, a bodi asafufuze. Mwachitsanzo: "Ofesi ya basala ikupempha bodi kuti ivomereze kulipira pulimiyamu ya inshuwalansi ya nyumba za sukulu ya chaka choyambira pa 1 Seputembala, yokwana K2,400,000, motere: K600,000 pa 1 Seputembala, ndi K220,000 pa 5 mwezi uliwonse kuyambira Okutobala mpaka Juni, zonse pamodzi K2,580,000." Ndime yachiwiri ifotokoze chifukwa, ndi nambala ya ndalama yomwe idali mu akaunti pa 31 Ogasiti chaka chatha ndi zomwe zinkadikira kulipidwa. Nambala imodzi imeneyo imagwira ntchito kuposa tsamba lonse la madandaulo.

Kenaka njira zomwe zilipo ndi mtengo wa iliyonse, kulipira kamodzi, katatu, pamwezi kudzera ku kampani, pamwezi kudzera ku banki, ndipo munene yomwe inu mukuikonda ndi chifukwa chake. Basala wosanena maganizo ake amasiya bodi ikukangana mpaka dzuwa kulowa. Pambuyo pake ndondomeko ya matemu ija, mayankho a kampani pa mafunso a tsiku loipa, ndipo pomaliza ziganizo zomwe mukufuna zilowe m'maminitsi, zolembedwa kale kuti mlembi angokopera: kuvomereza njira yolipira, kutsegula akaunti yapadera ndi mayina a maudindo osayina, lamulo la K2,750, ndi kuti basala azipereka lipoti la akauntiyi pa msonkhano uliwonse.

Wina mu bodi adzafunsa ndithu kuti zaka zonsezi sitinapsepo, bwanji osangoisiya inshuwalansiyo. Musakangane naye, muonetseni mtengo womangiranso hositelo yokha n'kumufunsa kuti ndi fizi ya matemu angati. Ngati sukulu ili ndi ngongole ku banki yomwe chikole chake ndi nyumbazo, onaninso mgwirizano wa ngongoleyo, kawirikawiri umakakamiza kuti inshuwalansi isaduke ndipo dzina la banki limalembedwa pa polise.

8. Kalata yopita ku kampani

Iyi imalembedwa m'Chingerezi pa pepala la sukulu, asayine ahedi kapena mwini sukulu pamodzi ndi wapampando, ndipo mumate maminitsi a bodi. Muikemo nambala ya polise, pulimiyamu, masiku ndi ndalama za gawo lililonse, njira yolipirira, ndi zaka zomwe mwakhala nawo ngati mbiri yanu ya kulipira ndi yabwino. Za mavuto a sukulu chiganizo chimodzi chakwana, iwo sakufuna kumva kuti mukuvutika, akufuna kuona kuti sadzaluza.

Mfundo yomwe imawafewetsa ndi iyi. K2,400,000 pa miyezi 12 ndi K200,000 pamwezi. Dipoziti ya K600,000 yalipiriratu Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Gawo la pa 5 Okutobala likulipira Disembala, la Novembala likulipira Januwale, choncho choncho mpaka la pa 5 Juni lomwe likulipira Ogasiti. Ndiye palibe tsiku ngakhale limodzi lomwe kampani ikukutetezani pa ngongole, mpaka gawo lomaliza muli patsogolo ndi pafupifupi miyezi iwiri kapena kuposa. Lembani zimenezi momveka. N'chifukwa chakenso pempho la magawo 12 ofanana opanda dipoziti limakanidwa kawirikawiri, limasiya kampani kumbuyo kapena pamzere penipeni chaka chonse.

9. Musapume mpaka endosimenti ifike

Endosimenti ndi pepala lomwe kampani imatulutsa losintha kapena kuwonjezera pa polise, lokhala ndi nambala ya polise yanu, chidindo ndi siginecha yawo. Uthenga wa pa foni wa buloka woti "zatheka bwana" si endosimenti. Pepalalo lionetse masiku ndi ndalama zomwe mudagwirizana, masiku okudikirani mukachedwa, ndipo linene kuti ndime ija yoimitsa chitetezo yasinthidwa. Liwerengeni mzere ndi mzere mofananitsa ndi kalata yanu, tsiku limodzi likasiyana libwezeni akonze. Kope imodzi ipite kwa mwini sukulu kapena wapampando, isakhale mu ofesi ya sukulu yokha, chifukwa ofesiyo ndi imodzi mwa nyumba zomwe zingapse.

10. Mwezi ndi mwezi, ndi zochita gawo likabwerera

Pa 3 onani kuti mu akaunti muli K220,000 ndi kapamwamba ka zolipiritsa za banki, sitandingi oda imatha kukanika chifukwa chosowa K1,500 yokha. Ngati 5 ikugwera Loweruka, Lamulungu kapena holide, lipirani tsiku la ntchito la m'mbuyo mwake. Pa 6 onani kuti yatulukadi, ndipo sabata isanathe mukhale ndi lisiti ya kampani, osati kapepala ka ku banki kokha. Kutha kwa temu iliyonse pemphani sitetimenti ya ku kampani muifananitse ndi yanu, malipiro opanda nambala ya polise amatha kukakhala pa akaunti ya kasitomala wina inu mukuoneka ngati muli ndi ngongole.

Gawo likabwerera, lipirani tsiku lomwelo mwanjira ina iliyonse yovomerezeka, tumizani umboni ku kampani ndi kwa buloka, ndipo mupemphe akuyankheni molemba kuti chitetezo sichidaduke. Ngati mukuoneratu kuti mwezi wamawa ndalama sikwana, lembani kalata tsiku lisanafike mupemphe tsiku lina lenileni, ndipo wapampando adziwe. Mukamanga buloko yatsopano pakati pa chaka auzeni iwonjezedwe pa polise, pulimiyamu yake yowonjezera mufunse ngati ilowe m'magawo otsalawo kapena ilipidwe payokha, ndipo sitandingi oda ku banki isinthidwe mwezi womwewo.